Kawerengedwe ka alawansi ya wogwirizira udindo, ndi mmene imakhudzira ovataimu ndi penshoni

Munthu akapemphedwa kuti agwirizire udindo wapamwamba kwa kanthawi, chifukwa mwini mpandowo wapita kutchuthi chachitali, wadwala, wapita kumaphunziro kapena wasiya ntchito, samakwezedwa pantchito. Giredi yake imakhala yomweyo, malipiro ake enieni amakhala omwewo, ndipo chimene chimabwera pamwamba ndi alawansi yogwirizira udindo, imene imatha tsiku limene iye wabwerera pampando wake. Masamu ake sakhala ovuta. Chimene chimasokoneza akalaki a malipiro ambiri n'chakuti mawu akuti "malipiro" amatanthauza zinthu zosiyana m'zikalata zitatu: mu ndondomeko ya alawansi, mu lamulo la ovataimu, ndi m'malamulo a thumba la penshoni. Amene wawerenga chikalata chimodzi chokha n'kuganiza kuti zinazo zikugwirizana nacho, ndiye amene amalakwitsa.

Tilondola chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala ake ndi ongoyerekeza, ndipo mukhoza kuikapo ndalama za dziko lililonse. Mayi wina ndi wosunga katundu wamkulu pakampani ina, ndipo amalandira 520,000 pamwezi, akugwira maola 40 pasabata, Lolemba mpaka Lachisanu. Woyang'anira nyumba yosungiramo katundu wapita kutchuthi, ndipo mayiyu wapemphedwa kugwirizira udindowo kuyambira Lolemba pa 17 Malichi mpaka Lachisanu pa 13 Juni. Giredi ya woyang'anira imayambira pa 650,000 pamwezi.

Yambani ndi kalata, osati makina owerengera

Musanawerenge chilichonse, onetsetsani kuti pali kalata yosainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yopereka udindowo. Mawu a pakamwa akuti "mugwirizireko kaye mpaka abwere" sakwanira, ndipo milandu yambiri ya alawansi imeneyi imayambira pamenepa, pamene wina wagwira ntchito ya mkulu wake miyezi ingapo koma ofesi ya malipiro ilibe pepala lililonse loti iwerengerepo. Kalatayo itchule udindo umene ukugwiriziridwa ndi giredi yake, tsiku loyamba, tsiku lomaliza kapena chinthu chimene chidzathetse kugwirizirako, komanso ngati munthuyo watenga ntchito zonse za udindowo kapena gawo chabe.

Mfundo yomalizayi imasintha ndalama. Malo ambiri a ntchito amapereka alawansi yonse kwa amene wasenza udindo wonse, kuphatikizapo kusaina zikalata ndi kuyankha zikalakwika, ndipo amapereka gawo lokha kwa amene watenga ntchito zina, kapena pamene udindowo wagawidwa kwa anthu awiri. Ngati ndondomeko yanu ikunena kuti wogwira gawo alandire theka, ndiye kuti nambala iliyonse ya alawansi m'chitsanzo chathu muigawe pawiri.

Kenaka fufuzani nthawi yoyenerezera. Ndondomeko zambiri zimafuna kuti munthu agwirizire masiku angapo motsatizana asanayambe kulandira, kuti alawansi isamaperekedwe nthawi iliyonse mkulu akachokapo masiku awiri. Funso lofunika si kutalika kwa nthawiyo kokha, koma ili: nthawiyo ikakwana, kodi alawansi imawerengedwa kuchokera tsiku loyamba, kapena kuchokera tsiku lotsatira nthawi yoyenerezerayo? Ngati nthawiyo ndi masiku 30 ndipo mayi wathu alipidwa kuchokera tsiku la 31, ndiye kuti wataya pafupifupi alawansi ya mwezi wathunthu. M'chitsanzochi titenga kuti ndondomeko ikunena kuti nthawi ikakwana, malipiro amabwerera m'mbuyo kufika tsiku loyamba, zimene ine ndimaona kuti n'zachilungamo, pakuti udindo unasenzedwa kuyambira tsikulo.

Pezani alawansi ya mwezi wathunthu

Njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi yochotsera: tengani malipiro oyambira a giredi yapamwambayo, muchotsepo malipiro enieni a wogwirizirayo. Kwa mayi wathu ndi 650,000 kuchotsa 520,000, ndipo yankho ndi 130,000 pamwezi.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa pamasamu ophweka chonchi. Choyamba ndi kutenga malipiro a munthu amene wachokapo m'malo mwa malipiro oyambira a girediyo. Woyang'anira amene wapita kutchuthi akhoza kukhala kuti wakhala pampandopo zaka zambiri ndipo akulandira 750,000, koma ndalama zapamwambazo ndi za zaka zake, si za mpando, choncho sizilowa m'masamu pokhapokha ndondomeko yanu itanena choncho mosabisa. Chachiwiri ndi kusakaniza malipiro enieni ndi maalawansi ena, monga a nyumba kapena a mayendedwe. Yerekezani malipiro enieni ndi malipiro enieni anzake. Ngati giredi yapamwamba ili ndi alawansi ya nyumba yokulirapo, imeneyo ndi nkhani yapayokha imene kalata iyenera kuyankha, ndipo nthawi zambiri wogwirizira kwa kanthawi kochepa sapatsidwa.

Vuto lenileni limabwera pamene magiredi awiriwo akulowerana. Tiyerekeze kuti wogwirizirayo ndi munthu wina amene wafika pamwamba pa giredi yake ndipo akulandira 660,000, pamene masitepe a giredi yapamwamba ndi 650,000, 676,000 ndi 702,000. Kuchotsera kwachizolowezi kukupereka nambala yochepera ziro, ndipo palibe amene angavomere kusenza udindo waukulu popanda kanthu. Apa ndondomeko zambiri zimanena kuti mutenge sitepe yoyamba imene ili pamwamba pa malipiro ake, ndiye 676,000, ndipo alawansi ikhala 16,000. Zina zimaika malire akuti alawansi isachepere peresenti yakutiyakuti ya malipiro a munthuyo. Malirewo akakhala 5 peresenti, ndiye kuti ndi 33,000, ndipo muyenera kuwerenga bwino ngati ndondomeko ikufuna kuti mupereke 33,000 yeniyeniyo kapena kuti mukwere kufika pa sitepe yoyamba imene ikukwaniritsa malirewo, imene ndi 702,000, n'kupereka 42,000. Malo ena alibe masitepe konse, ndipo amangopereka peresenti yokhazikika ya malipiro a wogwirizira. Njira imeneyo ndi yosavuta, koma siganizira kutalikirana kwa maudindo awiriwo.

Kumbukiraninso kuti alawansi yochotsera si nambala yokhazikika. Mayi wathu akakwera sitepe pagiredi yake pakati pa nthawiyi n'kufika pa 546,000, alawansi itsika kufika pa 104,000, chifukwa ndalama zonse pamodzi ziyenera kukhalabe 650,000. Koma malipiro a magiredi onse akakwezedwa ndi 10 peresenti, manambala akhala 572,000 ndi 715,000, ndipo alawansi ikwera kufika pa 143,000. Amene analowetsa 130,000 mukompyuta ngati ndalama yosasintha sadzaona zimenezi mpaka tsiku limene ofufuza mabuku adzamufunse.

Miyezi yosakwanira

Epulo ndi Meyi ndi miyezi yathunthu, ndipo uliwonse ndi 130,000. Malichi ndi Juni ndi yosakwanira, ndipo apa mayankho amasiyana malinga ndi njira yogawira. M'mwezi wa Malichi wa chitsanzo chathu muli masiku 31, ndipo ogwira ntchito ndi 21. Kuyambira pa 17 mpaka pa 31 ndi masiku 15 a pakalendala, koma ogwira ntchito ndi 11.

Mukagawa ndi masiku a pakalendala, ndi 130,000 kuchulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 31, ndipo mupeza 62,903. Mukagawa ndi masiku ogwira ntchito a mweziwo, ndi 130,000 kuchulukitsa ndi 11 n'kugawa ndi 21, ndipo mupeza 68,095. Njira yachitatu ndi yowerengera pachaka: masabata 52 a masiku asanu ndi masiku 260, alawansi ya pachaka ndi 1,560,000, choncho tsiku limodzi ndi 6,000, ndipo masiku 11 ndi 66,000. Palibe imene ili yolakwika mwa iyo yokha. Cholakwika ndi kusakaniza, monga kuwerenga masiku ogwira ntchito okha n'kugawa ndi 31, zimene zingapereke 46,129 n'kumubera munthu ndalama zoposa 16,000, kapena kugwiritsa ntchito njira ina poyamba ndi ina pomaliza. Gwiritsani ntchito njira imene kampani yanu imagwiritsa kale powerengera malipiro a munthu amene wayamba ntchito pakati pa mwezi.

Ife titenga ya masiku 260. Mu Juni, kuyambira pa 1 mpaka pa 13 muli masiku 10 ogwira ntchito, ndiye 60,000. Tsiku la tchuthi cha boma likagwera pakati pa sabata limawerengedwa ngati tsiku lolipidwa, silichotsedwa. Alawansi yonse ikhala 66,000 ya Malichi, 130,000 ya Epulo, 130,000 ya Meyi ndi 60,000 ya Juni, zonse pamodzi 386,000.

Kwa amene amagwiritsa ntchito masiku a pakalendala pali kanthu kena kakang'ono koyenera kukaonetsetsa. Mwini mpando akubwerera Lolemba pa 16 Juni. Kalata ikatseka pa Lachisanu pa 13, mayiyu alandira 56,333 ya Juni, koma ikatseka Lamlungu pa 15, alandira 65,000. Popeza njira ya pakalendala imagawa ndalama pa masiku onse asanu ndi awiri a sabata, sabata yogwiridwa yonse iyenera kupita ndi Loweruka ndi Lamlungu lake, choncho ndi bwino kulemba tsiku lomaliza kukhala tsiku limene latsala limodzi kuti mwiniwake abwerere.

Ovataimu: mafunso awiri motsatizana

Funso loyamba ndi lakuti kodi munthuyo akadali woyenera kulandira ovataimu pamene akugwirizira. M'malo ambiri, magiredi a oyang'anira salandira ovataimu, poganiza kuti malipiro awo aphatikiza kale maola owonjezera, ndipo ndondomeko zina zimati wogwirizira amatenga udindowo pamodzi ndi malamulo ake onse. Zina zimati iye akadali wa giredi yake yakale, choncho ufulu wake sunasinthe. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo la ntchito la dziko lanu, limene ndondomeko ya kampani singaliphwanye, ndipo m'mayiko ambiri lamulolo limayang'ana ntchito imene munthu akugwiradi, osati dzina la udindo lolembedwa pakalata. Munthu amene wapatsidwa dzina la woyang'anira koma tsiku lonse akulandira ndi kutulutsa katundu monga kale, savulidwa ufulu wa ovataimu ndi dzina lokha.

Funso lachiwiri limabwera yankho la loyamba likakhala inde: kodi ola limodzi liwerengedwe pa malipiro ati? Maola 40 pasabata kwa masabata 52 ndi maola 2,080 pachaka. Malipiro enieni a mayi wathu pachaka ndi 6,240,000, ndipo mukagawa ndi 2,080 mupeza 3,000 pa ola. Mukaphatikiza alawansi, ndi 7,800,000 pachaka, ndiye 3,750 pa ola. Mlingo wa ovataimu umasiyana m'mayiko. Pangano loyamba la bungwe la zantchito la padziko lonse la ILO, la chaka cha 1919, linaika kuti usachepere malipiro a ola limodzi ndi kota, ndipo malo ambiri masiku ano amalipira ola limodzi ndi theka pamasiku wamba, ndi maola awiri pamasiku opuma. Titenga limodzi ndi theka: 4,500 pa malipiro akale, 5,625 pa malipiro ogwirizira.

Tinene kuti mu Epulo mayiyu wagwira maola 20 owonjezera. Ovataimu ikawerengedwa pa malipiro ogwirizira ndi 112,500, ndipo mwezi wonse alandira 762,500. Ikawerengedwa pa malipiro akale ndi 90,000, ndipo alandira 740,000. Ikachotsedwa chifukwa cha giredi, alandira 650,000 basi. Pamene ndondomeko ili chete, ine ndimalangiza kuwerengera pa malipiro ogwirizira, chifukwa maola owonjezerawo wawagwira pa ntchito yapamwambayo, komanso chifukwa malamulo a mayiko ambiri amawerengera ovataimu pa ndalama zimene munthu akulandiradi pa ntchito yake ya masiku onse panthawiyo. Komabe tsegulani lamulo lanu muone mmene lamasulira mawu akuti malipiro, chifukwa ena amachotsamo maalawansi onse.

Pano pali masamu amene ndikufuna kuti aliyense wopatsidwa kalata yogwirizira achite asanasaine. Ngati udindo wapamwambawo ulibe ovataimu, gawani alawansi ya pamwezi ndi mtengo wa ola lanu la ovataimu. Kwa mayi wathu ndi 130,000 kugawa ndi 4,500, ndipo yankho ndi maola pafupifupi 29. Tanthauzo lake n'lakuti ngati pampando wake amagwira maola owonjezera oposa 29 pamwezi, kugwirizira kumuchepetsera ndalama. Pa maola 32, pampando wake akanalandira 520,000 ndi 144,000, zonse 664,000, koma pogwirizira alandira 650,000, ndipo wataya 14,000 pamene wasenza udindo wolemera kuposa kale. Olemba ntchito anzeru amaziona izi msanga, n'kulemba m'kalata kuti wogwirizira sadzalandira zochepera zimene ankalandira pa miyezi ingapo yapitayo, kapena kuti maola owonjezera adzabwezedwa ndi masiku opuma. Zikapanda kutero, anthu odziwa ntchito amayamba kukana kugwirizira, ndipo amakhala ndi chifukwa chomveka.

M'mwezi wosakwanira, musaphatikize malipiro ndi alawansi ya mweziwo kuti mupeze mtengo wa ola. Mu Malichi, 520,000 ndi 66,000 zikupanga 586,000, zimene zingapereke pafupifupi 3,381 pa ola, nambala imene si yoona pa tsiku lililonse la mweziwo. Gawani fomu ya ovataimu pa tsiku loyambira: maola ogwiridwa pa 17 pasanafike ndi a 3,000, ndipo ogwiridwa kuyambira pa 17 ndi a 3,750. Ndiponso, popeza alawansi imachedwa kuvomerezedwa mpaka nthawi yoyenerezera itakwana, ovataimu ya Malichi imakhala italipidwa kale pa mtengo wakale. Mukamalipira alawansi yotsalira, bwererani ku maolawo. Ngati anagwira maola 8 kuyambira pa 17, kusiyana kwa 5,625 ndi 4,500 ndi 1,125 pa ola, choncho akutsalira 9,000. Ndalama imeneyi imaiwalika kawirikawiri chifukwa makina a malipiro sabwerera okha kukaiwerenga ngati alawansi yalowetsedwa ngati ndalama ya kamodzi.

Penshoni

Apa musayambe ndi ndondomeko ya kampani. Tsegulani malamulo a thumba la penshoni, pamodzi ndi lamulo la penshoni la dziko lanu, ndipo mupeze pamene amasulira malipiro owerengerapo penshoni. Matumba ena amawerengera malipiro enieni okha. Ena amaphatikiza maalawansi okhazikika koma amachotsa a kanthawi, ndipo alawansi yogwirizira imagwera m'gulu la a kanthawi. Ena amawerengera pafupifupi chilichonse chimene munthu walandira. Ovataimu nayonso ili ndi yankho lakelake m'malamulo omwewo, ndipo m'matumba ambiri siwerengeredwa, choncho n'zotheka kuti alawansi ilowe m'masamu a penshoni koma ovataimu yochokera pa alawansiyo isalowe.

Mukadziwa kuti imawerengeredwa, chotsatira ndi kudziwa mtundu wa penshoniyo, chifukwa ndalama yomweyo ya 386,000 imabala zosiyana kwambiri.

Mtundu woyamba ndi umene wogwira ntchito ndi olemba ntchito amasonkha mwezi ndi mwezi mu akaunti ya munthuyo, ndipo adzalandira zimene zasonkhedwa pamodzi ndi phindu lake. Tiyerekeze kuti wantchito amasonkha 5 peresenti ndipo olemba ntchito 10 peresenti. Pamwezi wathunthu, alawansi ya 130,000 ionjezera 6,500 pa zodulidwa kwa mayiyu, ndi 13,000 yochokera kwa olemba ntchito. Panthawi yonseyi ndi 19,300 ndi 38,600, ndipo mu akaunti yake mulowa 57,900. Anthu ena amakondwa akamva kuti alawansi yawo sidulidwa penshoni, poona kuti m'thumba mutsala zambiri, koma m'chitsanzochi munthu wotero wasunga 19,300 lero n'kutaya 38,600 imene kampani ikanamuikira. Kwa amene akukonza bajeti ya dipatimenti, izi zikutanthauzanso kuti mtengo weniweni wa kugwirizira kumeneku si 386,000 koma 424,600, tisanaphatikize ovataimu.

Mtundu wachiwiri ndi umene penshoni imawerengedwa kuchokera pa malipiro omaliza ndi zaka zimene munthu wagwira. Tinene kuti thumba limapereka gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro a pachaka pa chaka chilichonse cha ntchito, ndipo mayiyu akupuma atagwira zaka 24, ndiye magawo 24 mwa 60. Pa malipiro ake enieni a 6,240,000, penshoni ya pachaka ndi 2,496,000. Kugwirizira kuja kukachitika m'miyezi 12 yomaliza, ndipo thumba likawerengera alawansi, malipiro omaliza akhala 6,626,000, ndipo penshoni ikhala 2,650,400. Kusiyana kwake ndi 154,400 chaka chilichonse kwa moyo wake wonse, chifukwa cha miyezi itatu yokha, pamene zimene zinasonkhedwa pa alawansiyo sizifika n'komwe pa ndalama ya chaka chimodzi. N'chifukwa chake matumba a mtundu umenewu amakhwimitsa malamulo: ena amaichotseratu alawansi yogwirizira, ena amaiwerengera pokhapokha munthu wagwirizira nthawi yaitali mosadukiza, ndipo ena amatenga avereji ya zaka zitatu zomaliza, zimene m'chitsanzochi zingatsitse kusiyanako kufika pa 51,467 pachaka. Oyang'anira thumba amakayikiranso kalata yogwirizira imene yaperekedwa kwa munthu amene watsala pang'ono kupuma, choncho sungani bwino umboni wakuti mpandowo unalidi wopanda munthu ndipo ntchitoyo inagwiridwadi.

Nkhaniyi ili ndi mbali yake ina imene imapweteka wantchito. M'thumba lowerengera malipiro omaliza, munthu akagwirizira kutatsala zaka khumi kuti apume, n'kubwerera pagiredi yake, alawansi ija sidzaoneka konse m'malipiro ake omaliza. Ngati anadulidwa penshoni pa alawansiyo, ndiye kuti anasonkha ndalama zimene sizidzamuonjezera kanthu, pokhapokha thumbalo litakhala ndi lamulo loteteza zaka zimene munthu analandira zambiri. Ili ndi funso loyenera kulifunsa kwa oyang'anira thumba musanayambe kudula. Pali matumba enanso amene amawerengera malipiro a chaka chilichonse paokha n'kuwaphatikiza pomaliza. M'matumba otere palibe vuto limeneli, pakuti 386,000 kugawa ndi 60 kumaonjezera pafupifupi 6,433 pa penshoni ya pachaka, kaya kugwirizirako kunachitika liti, kupatula kukweza kumene thumba limachita potsatira kukwera mitengo kwa zinthu.

Chimene muyenera kuonetsetsa muofesi ya malipiro ndi chakuti chizindikiro chimene alawansiyi yalowetsedwa nacho mukompyuta chikugwirizana ndi malamulo a thumba. Kulakwitsa kofala ndi kukweza malipiro enieni a munthuyo kufika pa 650,000 m'malo molemba alawansi pamzere wakewake. Mukatero, penshoni, ovataimu, ndalama za tchuthi ndi china chilichonse chowerengedwa pa malipiro enieni chimakwera chokha, kaya malamulo akulola kapena ayi, ndipo pamapeto pake kubwezeretsa 520,000 kumaoneka ngati mwamutsitsa munthu pantchito.

Zofika m'manja, ndi kutseka

Alawansi yogwirizira ndi malipiro, choncho imadulidwa msonkho, ndipo popeza imakhala pamwamba pa malipiro ena, imadulidwa pa mlingo wapamwamba umene munthuyo wafika. Muuzeni zimenezi asanaone pepala lake la malipiro. Ngati penshoni ichotsedwa msonkho usanawerengedwe, monga mmene malamulo a mayiko ambiri amalolera, ndipo mlingo wa msonkho ndi 25 peresenti, ndiye kuti pa 130,000 pachoka 6,500, patsala 123,500, ndipo msonkho ukachoka m'manja mwake mufika 92,625. Alawansi ya miyezi ingapo ikalipidwa pamodzi chifukwa chochedwa, ikhoza kumukankhira munthu pa mlingo wokwera wa msonkho mwezi umenewo, ndipo ichi ndi chifukwa china chokonzera kalata nthawi yabwino.

Onaninso zimene ndondomeko ikunena wogwirizirayo akapita kutchuthi kapena akadwala mkati mwa nthawiyi. Nthawi zambiri masiku ochepa sadukiza alawansi, koma akachokapo nthawi yaitali mpaka munthu wachitatu n'kutenga mpandowo, alawansi imaima, pakuti mpando umodzi sulipira anthu awiri ogwirizira nthawi imodzi pa ntchito yomweyo.

Lowetsani tsiku lomaliza mukompyuta tsiku lomwelo limene mukulowetsa loyamba. Alawansi yosatsekedwa imapitirira mwakachetechete mwini mpando atabwerera, ndipo kubweza ndalama zolipidwa mopitirira kumakhala kovuta, chifukwa malamulo a mayiko ambiri amaika malire pa zimene mungadule pa malipiro a munthu pamwezi, ndipo zosonkha za penshoni zimene zinatumizidwa molakwika zimafunanso kukonzedwa ndi thumba. Mwini mpando akachedwa kubwerera, lembani kalata yowonjezera nthawi yakale isanathe. Pa pepala la malipiro la Juni la mayi wathu payenera kuoneka malipiro enieni a 520,000, alawansi ya 60,000 pamzere wake, maola a ovataimu ofika pa 13 Juni pa 5,625 ndi otsatira pa 4,500, ndiponso penshoni ya 29,000, imene ndi 5 peresenti ya 580,000, ngati alawansi ikuwerengeredwa, kapena 26,000 ngati sikuwerengeredwa. Pa la Julayi mzere wa alawansi usaonekenso.